Kupeza fayilo pa Windows pamene mukukumbukira kachidutswa ka dzina kokha

Mukudziwa ndithu kuti fayiloyo ili m'kompyuta. Munaisunga ndinu, mukukumbukira kuti m'dzina lake munali mawu akuti malipiro, koma mukalemba mawuwo m'kabokosi kofufuzira, Windows ikuyankha kuti No items match your search, kapena ikukhuthulirani mafayilo mazanamazana omwe simukuwafuna. Anthu ambiri akafika apa amaganiza kuti fayilo yafufutika, ena amayamba kutsegula foda imodzi ndi imodzi mpaka maso kuwawa. Nthawi zambiri fayiloyo imakhala ili chikhalire. Vuto limakhala pa momwe mwafunsira, chifukwa Windows ili ndi kafufuzidwe kake komwe sikaoneka pa sikirini. Ukakadziwa, ntchito yomwe ikanadya tsiku imatha m'mphindi zochepa.

Windows imayang'ana koyambira mawu, osati pakati

Ichi ndiye chimapusitsa anthu kwambiri. Mukalemba zilembo m'kabokosi ka File Explorer, Windows siyendera dzina lonse kuona ngati zilembozo zili penapake. Imaduladula dzinalo kukhala mawu, kenako n'kuona ngati pali mawu omwe akuyamba ndi zomwe mwalembazo. Zili ngati buku lotanthauzira mawu: mawu umawapeza ukadziwa zilembo zoyambirira, ndipo kudziwa zapakati zokha sikungakufikitse pa tsamba loyenera.

Tiyerekeze kuti pali mafayilo awiri. Ina dzina lake ndi `Za malipiro 2024.xlsx`, ina ndi `ZaMalipiroAntchito2024.xlsx`. Mukalemba `malipiro`, yoyambayo ituluka msanga, popeza mipata yagawa dzinalo ndipo malipiro aima paokha. Yachiwiriyo siituluka ngakhale ili mufoda yomweyo. Kwa Windows, dzina lophatikizanalo ndi liwu limodzi lalitali loyamba ndi Za, ndipo zilembo zazikulu zapakatizo sizilidula. Mukanalemba `zamali` ikanatuluka, koma ndani amakumbukira koyambira dzina la fayilo ya chaka chatha?

Mankhwala ake ndi kanyenyezi. Chizindikiro cha `*` chimaimira zilembo zilizonse, zochuluka kapena zochepa, ngakhale pasakhale chilembo n'chimodzi chomwe. Ikani kamodzi kutsogolo, kena kumbuyo:

```
*malipiro*
```

Apa mwauza Windows kuti mawuwa akhoza kukhala paliponse m'dzina. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zilibe kanthu, Windows siisiyanitsa pofufuza.

Pali njira ina yomwe ine ndimaikonda kuposa kanyenyezi, chifukwa imatseka khomo la zinyalala. Mukangolemba mawu okha, Windows imawayang'ananso m'kati mwa zolemba zomwe inaziwerenga kale, choncho kalata iliyonse yotchula malipiro imabwera pamzere. Kuti iyang'ane dzina lokha, lembani chonchi:

```
System.FileName:~~"malipiro"
```

Tizizindikiro tiwiri ta `~~` tikutanthauza kuti dzinalo lili ndi mawuwa penapake. Mukaika `~<` m'malo mwake ndiye kuti dzinalo likuyamba ndi mawuwo, `~>` ndiye kuti dzina lonse, kuphatikizapo zakumapeto monga `.xlsx`, likuthera pa mawuwo. N'zoona kuti kulemba kwake n'kotopetsa pang'ono, koma kalembedwe koyamba ndi `System.` kamagwira ntchito pa Windows ya chilankhulo chilichonse, pomwe mawu afupi monga `name:` amadalira chilankhulo chomwe Windows yanu inaikidwa.

Mwaima pati pofufuza?

Kabokosi ka File Explorer kamafufuza mufoda yomwe mwatsegula ndi mafoda a m'kati mwake basi. Taonani mawu otuwa omwe amakhala m'kabokosimo musanalembe kanthu: akati Search Documents, ndiye kuti za mu Downloads, za pa Desktop ndi za pa diski ya D sizikuwerengedwa. N'chinthu chaching'ono, koma chasokeretsa anthu ambiri odziwa bwino kompyuta.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi E kuti File Explorer itseguke, sankhani This PC kumanzere, kenako dinani Ctrl ndi F kuti mulowe m'kabokosi. This PC imaphatikiza madiski onse omwe alumikizidwa pa nthawiyo, ndi fulashi yomwe. Zotsatira zikayamba kubwera, onani pa Search options, kapena pa Search ngati ndi Windows 10, kuti chosankhidwa ndi All subfolders osati Current folder.

Kufufuza kwa pa This PC kumachedwa, ndipo m'pofunika kudziwa chifukwa chake. Windows imasunga kaundula wa mafayilo, womwe imaukonza mwakachetechete kompyuta ikakhala kuti siikutanganidwa. M'malo omwe ali m'kaundulamu yankho limabwera nthawi yomweyo. Koma mwachizolowezi kaundulayu amagwira malo anu a tsiku ndi tsiku okha, monga Documents, Pictures, Music ndi Desktop. Diski yachiwiri, fulashi ndi mafoda omwe munapanga nokha pa C simukhala. M'malo oterowo Windows imayenda yokha foda ndi foda, ndipo zimatha kutenga mphindi zambiri. Musatseke zenera poona kuti papita mphindi imodzi palibe chatuluka. Dikirani mpaka chizindikiro chosonyeza kuti ikufufuza chiime.

Kabokosi ka pa Start musakadalire pa ntchito iyi. N'kabwino potsegula mapulogalamu, koma pa mafayilo kamadalira kaundula yemweyo, kamaonetsa zochepa, kenako n'kukudzazirani zotsatira za pa intaneti.

Chitsanzo, kuyambira poyamba mpaka kuipeza

Titenge mlembi wa mu ofesi yemwe akufuna fayilo ya Excel ya malipiro a antchito. Akukumbukira zinthu zitatu: m'dzina munali malipiro, inali ya Excel, ndipo anaigwira komaliza cha mu Epulo 2024.

Wayamba mu Documents, walemba `malipiro`. Zatuluka makalata ambiri a Word omwe m'kati mwake muli mawuwo, ya Excel yomwe akufuna palibe. Wapita pa This PC, walemba `System.FileName:~~"malipiro"`, wadikira mpaka kumapeto. Tsopano zatuluka zochepa, zonse zili ndi malipiro m'dzina, koma yofunikayo siikuonekabe.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi, chikhalirecho chofunika n'kukayikira chikumbumtima chako, osati kompyuta. Kodi dzinalo linalembedwa ndendende monga akulikumbukira? Munthu akamasunga fayilo mothamanga amalumpha chilembo, amadula mawu, kapena amaika l pomwe wina akanaika r. Windows siikhululukira chilembo chimodzi. Choncho mawu ofufuzira afupikitsidwe mpaka patsale mbali yomwe simungaikayikire. M'malo mwa malipiro onse, mlembi uja walemba chidutswa chokha, n'kuwonjezera mtundu wa fayilo kuti zotsatira zisachuluke:

```
System.FileName:~~"malipi" ext:.xlsx
```

Zatuluka zinayi, ndipo pakati pake pali `ZaMalipiloAntchito2024.xlsx`, mufoda ya `D:\Zakale\Epulo`. Mavuto anali atatu pamodzi: mawu anali pakati pa dzina, analembedwa ndi l, ndipo fayilo inali pa diski yomwe kufufuza kwa mu Documents sikukanafikako. Lililonse mwa atatuwa likanakwanira kuibisa.

Phunziro la kufupikitsali ndi lomwe ndimafuna mulisunge. Tikasowa fayilo, mtima umatiuza kuti tiwonjezere mawu kuti Windows imvetse bwino. Zimayenda mosiyana. Mawu aliwonse owonjezera ndi lamulo lina lomwe fayilo iyenera kulikwaniritsa, ndipo limodzi likalakwika fayilo yagwa. Yambani ndi zilembo zinayi kapena zisanu zomwe muli nazo chitsimikizo, muchepetse zotsatira pogwiritsa ntchito zina zomwe mukudziwa, osati poganizira zilembo zina za dzina.

Ngati chilembo chimodzi chokha ndicho mukukayikira, chizindikiro cha `?` chimaimira chilembo chimodzi ndendende, kotero `*malipi?o*` imagwira malipiro ndi malipilo omwe.

Zotsatira zikachuluka

Mtundu wa fayilo ndiwo sefa yodalirika kwambiri, chifukwa munthu saiwala ngati inali kalata kapena chithunzi. `ext:.docx` ndi ya Word, `ext:.pdf` ndi ya PDF, `ext:.jpg` ndi ya zithunzi zambiri. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mafayilo a Office a kalembedwe kakale, ka chisanafike chaka cha 2007, amathera pa `.xls` ndi `.doc`, popanda x kumapeto, ndipo akadalipo ambiri. Ngati simukudziwa kuti yanu ndi iti, lembani `*malipi*.xls*` kuti zonse ziwiri zigwidwe, kapena `kind:document` kuti mupeze zolemba za mitundu yonse. Windows imabisa zilembo zakumapetozi mwachizolowezi. Zionetseni pa View, Show, File name extensions mu Windows 11, kapena chongani File name extensions pa View mu Windows 10. Mukatero mudzaona kuti fayilo yomwe mumati ndi ya Excel mwina inali `.csv` kapena PDF.

Tsiku limathandizanso, koma mosamala. Mukhoza kulemba `datemodified:this week`, `datemodified:last month` kapena `datemodified:last year`. Kulemba madeti a manambala kumavuta chifukwa makompyuta ena amayamba ndi mwezi, ena ndi tsiku, ndipo ukasokoneza, 4 Meyi amasanduka 5 Epulo popanda chenjezo. N'chifukwa chake ine ndimangosintha maonekedwe a zotsatira kukhala Details, n'kudina pamutu wa Date modified kuti zindandalike motsata tsiku, kenako n'kutsetsereka ndi maso mpaka mwezi womwe ndikuufuna. Dziwaninso kuti Date modified ndi tsiku lomwe zam'kati mwa fayilo zinasinthidwa komaliza. Fayilo yomwe munaikopera dzulo kuchokera pa fulashi ikhoza kuonetsa tsiku la zaka zitatu zapitazo. Tsiku lomwe inalowa pamalo atsopanowo limakhala pa Date created.

Mawu a `NOT`, `OR` ndi `AND` amagwira ntchito pokhapokha alembedwe ndi zilembo zazikulu. Mwachitsanzo `*malipi* NOT ext:.docx` ichotsa makalata a Word pamzere.

Zikatsala zochepa zofanana mayina, dinani Alt ndi P kuti m'mbali mutseguke malo oonetsera zam'kati, muzisuzumira popanda kutsegula iliyonse. Mukaipeza yeniyeni, musangoitsegula n'kuiwala. Dinani kumanja pa iyo, sankhani Open file location, muone foda yomwe yakhalamo nthawi yonseyi, apo ayi mawa mudzaisakanso.

Kulambalala kaundula

Nthawi zina File Explorer imakana ngakhale mwafunsa bwino. Siifufuza bwino m'mafoda obisika monga AppData, ndipo kaundula akhoza kutsalira kumbuyo. Pamenepo funsani diski yeniyeniyo. Dinani batani la Windows ndi R, lembani `cmd`, dinani Enter, kenako lembani:

```
dir "C:\*malipi*" /s /b /a
```

Lamuloli limangowerenga mayina, silisintha kapena kufufuta kanthu, ndiye musaope zenera lakudalo. `/s` ikuti lowa m'mafoda onse a m'kati, `/b` ikuti onetsa njira yonse ya fayilo popanda zina, `/a` ikuti phatikiza ndi mafayilo obisika omwe. Pa diski yodzaza zimatenga mphindi zingapo ndipo kwa kanthawi zimaoneka ngati zaima. Zikatha osapeza kanthu, pamalembedwa File Not Found. Lamuloli limaona diski imodzi pa nthawi, choncho libwerezeni posintha C kukhala D, E ndi zilembo zina zomwe mukuziona pa This PC.

Pali malire awiri ofunika kuwadziwa. Loyamba, `dir` imalumpha mwakachetechete mafoda omwe mulibe chilolezo cholowamo, monga a munthu wina yemwe amagwiritsa ntchito kompyuta yomweyo pa akaunti yake. Ngati muli ndi ulamuliro pa kompyutayo, tsegulani zenera lakuda lija, lomwe limatchedwa Command Prompt, posankha Run as administrator. Lachiwiri, siiona m'kati mwa mafayilo a ZIP. Iona dzina la ZIP lokha.

Amene akufuna madeti pamodzi ndi mayina, zatsopano pamwamba, agwiritse ntchito PowerShell, zenera lina lolembamo malamulo lomwe limatseguka mukalemba dzina lake pa Start:

```
Get-ChildItem C:\ -Filter *malipi* -Recurse -File -Force -ErrorAction SilentlyContinue |
  Sort-Object LastWriteTime -Descending |
  Select-Object LastWriteTime, FullName
```

Ili silionetsa kalikonse mpaka litamaliza kuyendera diski yonse, chifukwa liyenera kusonkhanitsa zonse lisanazindandalike. Lezani mtima.

Zotsatira za malamulowa zimafuna kuziwerenga bwino, chifukwa si chilichonse chokhala ndi dzina la fayilo yanu chomwe ndi fayilo yanu. Tibwerere kwa mlembi uja, tiyerekeze kuti ulendo uno madiski onse a m'kompyuta atulutsa mzere umodzi wokha:

```
C:\Users\ofesi\AppData\Roaming\Microsoft\Windows\Recent\ZaMalipiloAntchito2024.xlsx.lnk
```

Chothera pa `.lnk` si fayiloyo, ndi kalozera chabe komwe Windows imapanga mukatsegula fayilo. Koma musakanyoze, kali ndi nkhani. Kakuuzani dzina lonse lenileni, ndipo kakuuzaninso komwe fayilo inali. Dinani batani la Windows ndi R, lembani `shell:recent`, pezani kalozerako, dinani kumanja, sankhani Properties, muwerenge njira yomwe yalembedwa pa Target. Ikayamba ndi `E:\` pomwe kompyuta yanu ilibe diski ya E, yankho lapezeka: fayilo ili pa fulashi kapena pa diski yakunja yomwe inalumikizidwa tsiku limenelo. Ikayamba ndi `\\`, inali pa kompyuta ina ya pa netiweki. Mukanafufuza m'kompyutamo sabata yathunthu osaipeza.

China chomwe chimatuluka kawirikawiri ndi kafayilo koyamba ndi `~$`. Aka ndi kachizindikiro kobisika komwe Word ndi Excel zimaika pambali pa fayilo yotsegulidwa, ndipo kamatsalira pulogalamu ikatsekeka mwadzidzidzi. Mulibe ntchito yanu m'menemo, kukula kwake sikufika ndi 1 KB yomwe. Phindu lake n'loti kamakhala mufoda yomwe munali fayilo yeniyeni.

Mwina si dzina lomwe mukukumbukira

`dir` ikayendera madiski onse n'kubwera chimanjamanja, ndiye kuti m'malo onse omwe imafikako mulibe fayilo yokhala ndi zilembo zimenezo m'dzina. Sizikutanthauza kuti fayilo kulibe. Kawirikawiri chomwe munthu amachikumbukira ngati dzina chimakhala mutu wa pamwamba pa tsamba, dzina la foda, kapena mutu wa imelo yomwe fayilo inabwera nayo. Dzina lenileni limakhala lomwe pulogalamu inapereka yokha: `Book1.xlsx` ya Excel, `Doc1.docx` kapena mawu oyamba a kalatayo mu Word, kapena mndandanda wa manambala wochokera ku makina ojambulira mapepala.

Apa siyani dzina, tsatani mapazi. Tsegulani pulogalamu yomwe munaigwiritsa ntchito, mupite pa File, Open, Recent. Pansi pa dzina lililonse pamaoneka foda yake. Ngati munaitenga pa intaneti, tsegulani pulogalamu yoyendera pa intanetiyo mudine Ctrl ndi J kuti muone zonse zomwe munatsitsa. Foda ya `shell:recent` ija muindandalike motsata tsiku, muone zomwe munatsegula m'masiku omwe mukuwaganizira. Nthawi zambiri diso likangoona dzina, mutu umakumbukira pompo.

Mukhozanso kufufuza ndi mawu a m'kati. Ngati mukukumbukira chiganizo kapena dzina la chinthu chomwe chinali m'fayilomo, lembani `content:"ndalama zapadera"` muli mufoda yomwe mukuikayikira. M'malo a m'kaundula zimathamanga. M'malo ena muyenera kuchonga File contents pa Search options, ndipo poti Windows imatsegula fayilo iliyonse, musayese izi pa diski yonse, sankhani foda imodzi. PDF yomwe inachita kujambulidwa papepala nthawi zambiri imakhala chithunzi chabe, mulibe zilembo zoti Windows iwerenge, ndiye njirayi siingaipeze.

Pali malo awiri omwe amameza ntchito za anthu mosadziwika. Mukatsegula fayilo kuchokera m'kati mwa imelo mu Outlook yachikale, osayamba mwaisunga penapake, kope lomwe mukulembamo limakhala mufoda yobisika ya `%LOCALAPPDATA%\Microsoft\Windows\INetCache\Content.Outlook`. Mukatsegula fayilo kuchokera m'kati mwa ZIP, kope lake limapita ku `%TEMP%`. Malo onsewa ndi ongoyembekezera ndipo amayeretsedwa, ndiye ngati mukuganiza kuti n'zomwe zinachitika, lembani njirazo pamzere wa adiresi wa File Explorer lero lomwe, ndipo mukaipeza muikopere ku Documents musanachite china chilichonse. Za ZIP, File Explorer ikhoza kuyang'ana m'kati mwake mukachonga Include compressed files pa tsamba la Search la mu Folder Options.

Kodi kaundula ndiye wadwala?

Malangizo ambiri amathamangira kunena kuti mumangenso kaundula. Ine sindiyambira pamenepo, chifukwa zimatenga maola ndipo panthawi yonseyo kufufuza kumapereka zotsatira zoperewera. Yambani mwayesa. Tsegulani Documents, sankhani fayilo yomwe mukuiona ndi maso ndipo yakhalamo masiku angapo, lembani zilembo zoyambirira za dzina lake m'kabokosi. Ikatuluka, kaundula ali bwino, vuto lili kwina. Ikapanda kutuluka, pamenepo m'pomwe pali chokonza.

Lembani Indexing Options pa Start, mutsegule. Pamwamba pamalembedwa chiwerengero cha zinthu zomwe zalowa m'kaundula ndi momwe ntchito ikuyendera. Pakalembedwa Indexing complete ndiye kuti yatha. Pakalembedwa kuti ikupitirira, isiyeni kompyuta yoyaka, laputopu ikhale pa chaja, chifukwa Windows imachepetsa ntchitoyi mukakhala mukugwiritsa ntchito makina kapena ikakhala pa batire. Pakalembedwa kuti ntchitoyi siikuyenda, dinani batani la Windows ndi R, lembani `services.msc`, pezani Windows Search, muone ngati ili Running. Mapulogalamu ena omwe amati amafulumizitsa kompyuta amaizimitsa. Zonsezi zikakhala bwino koma kuyesa kuja kukulepherabe, pitani pa Advanced mudine Rebuild. Mafayilo anu sakhudzidwa, chomwe chimafufutidwa n'kumangidwanso ndi kaundula yekha.

Ngati mumasunga ntchito pa diski ya D kapena mufoda yanuyanu, ilowetseni m'kaundula podina Modify pazenera lomwelo n'kuchonga fodayo. Njira ina ndi kusankha Enhanced m'malo mwa Classic, zomwe zinabwera mu Windows 10 m'chaka cha 2019 ndipo zimalowetsa kompyuta yonse. Mu Windows 10 zili pa Settings, Search, Searching Windows, ndipo mu Windows 11 zili pansi pa Privacy & security. Ulendo woyamba zimalemetsa makina ndi kudya batire, ndiye pa laputopu yakale kuli bwino kungowonjezera mafoda omwe mumawafunadi.

Kwa munthu yemwe vutoli limamupeza sabata iliyonse, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Everything, ya voidtools. Iyo imawerenga mwachindunji mndandanda wa mayina womwe umasungidwa pa diski ya NTFS, mtundu wa madiski ambiri a m'kati mwa kompyuta za Windows, motero imadziwa mayina onse m'kanthawi kochepa, ndipo imayang'ana pakati pa dzina popanda kanyenyezi. Mukalemba `malipi xls` imaonetsa mafayilo okhala ndi zidutswa zonse ziwiri pomwe mukulemba. Mafulashi ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT, ndipo amenewo muyenera kuwawonjezera nokha m'makonzedwe ake. Pa kompyuta ya kuntchito funsani kaye oyang'anira makompyuta musanaiike.

Ikakhala kuti inafufutidwadi

Kufufuza kwa pa This PC sikulowa mu Recycle Bin, ndipo `dir` siingakuthandizeni kumeneko chifukwa Windows imasintha mayina a mafayilo otayidwa. Tsegulani Recycle Bin payokha, mufufuze m'kabokosi kake ndi kanyenyezi komweko. Mzere wa Original Location umaonetsa komwe fayilo inachokera, ndipo Restore imaibwezera komweko. Zomwe zinafufutidwa podina Shift ndi Delete sizidutsa m'menemo, chimodzimodzinso zofufutidwa pa fulashi.

Ngati Documents kapena Desktop yanu imalumikizana ndi OneDrive, lowani pa OneDrive ya pa intaneti muyang'ane Recycle bin ya kumeneko, yomwe ndi yosiyana ndi ya pa kompyuta. Pa akaunti ya munthu payekha zinthu zimakhalamo masiku 30, pa ya kuntchito kapena kusukulu nthawi zambiri masiku 93. Ngati munayatsa File History, dinani kumanja pa foda yomwe munali fayiloyo, Properties, Previous Versions, mutsegule kope la tsiku lomwe inalipo.

Zonsezi zikakanika ndipo fayiloyo ndi yofunika kwambiri, lekani kusunga kapena kuika chilichonse pa diski imeneyo. Malo omwe inali akhoza kulembedwapo zina nthawi iliyonse, ndipo pulogalamu yobwezeretsa mafayilo muiike pa diski ina, osati pa yomwe mukufuna kupulumutsapo. Pa fulashi ndi pa diski yozungulira mwayi umakhalapo ndithu mukachita changu. Pa SSD, diski yamakono yosazungulira, ndi wochepa, chifukwa Windows imauza diskiyo kuti iyeretse malo a mafayilo ofufutidwa pasanapite nthawi.